Ndalama ya m'chitini ndi ndalama ya m'gulu: kabuku ka mabanja a m'makomboni a Lusaka

Kabuku kano ndi ka amayi ndi abambo a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George amene amapeza ndalama pang'onopang'ono, tsiku lina K40, lina K150, lina osapeza kanthu. Ambiri a ife timasunga zotsala m'nyumba, mwina m'chitini, pansi pa matiresi kapena pa mfundo ya chitenje. Kabukuka kakufotokoza chifukwa chake ndalama yomweyo imasungika bwino m'gulu losunga ndi kubwereketsa, limene mu Lusaka timalitchula kuti vileji banki ndipo ku Malawi amalitchula kuti banki mkhonde. Kakufotokozanso malire ake, chifukwa gulu limaposa chitini pokhapokha ngati likutsata malamulo angapo amene tiwatchule.

Zimene zimadya ndalama ya m'nyumba

Choyamba ndi manja athu omwe. Ndalama imene ili pafupi imatuluka pang'onopang'ono pa zinthu zimene sizioneka ngati kuwononga. Mayunitsi a magetsi akatha usiku mumatengapo K20. Mlendo akabwera kuchokera ku Petauke mumatengapo ya ndiwo. Mwana akafuna ya fritasi mumam'patsa, ndipo mlamu akabwera ndi vuto simungam'kanize pamene akudziwa kuti m'nyumba muli kenakake. Zonsezi ndi zomveka, koma mwezi ukatha mumapeza kuti K600 imene munkati ikhale ya mpamba yatsala K90, ndipo simungaloze chimene mwagula nacho.

Chachiwiri ndi kukwera kwa mitengo. Pepala la K100 silisintha, koma zimene limagula zimachepa. Pakati pa chaka cha 2021, mitengo ya zinthu mu Zambia inali itakwera ndi kwacha zoposa 24 pa K100 iliyonse poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Kumapeto kwa 2024, chaka cha chilala chija, inali itakwera ndi kwacha zoposa 16 pa K100. Thumba la unga wa bulekifasi la makilogalamu 25, limene tinkagula ndi ndalama yosafika K200 mu 2022, linadutsa K300 mu 2024. Amene anabisa ndalama ya thumba limodzi mu 2022 n'kuitulutsa mu 2024 sanathe kugula nayo thumba lathunthu, ngakhale kuti palibe anamubera.

Chachitatu ndi ngozi za m'komboni. Nyumba zambiri za lendi ndi za chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndipo chitseko chake n'chosavuta kuthyola anthu akapita ku msika. Ku Kanyama madzi amalowa m'nyumba nyengo ya mvula chifukwa pansi pali mwala ndipo madzi alibe kolowera. Magetsi akathima timagona ndi kandulo ndi mbaula, ndipo moto ukabuka ndalama ya pepala siipulumuka. Palinso kusintha kwa ndalama kumene kunachitika mu Januwale 2013 ndi mu Malichi 2025, pamene aliyense wokhala ndi mapepala akale anayenera kuwagwiritsa ntchito kapena kuwasinthitsa nthawi yoikidwa isanathe. Ndalama yobisika kwambiri, imene mwini wake yekha ndiye amadziwa pamene ili, ikhoza kupitirira nthawiyo kapena kutayika mwini wake akadwala.

Chilimba ndi gulu losunga n'zosiyana

Chilimba tonse timachidziwa. Anthu khumi amasonkha K100 aliyense pa sabata, mmodzi n'kutenga K1,000 yonse, kenako wina, mpaka onse atalandira. Chilimba chimathandiza kuti ndalama ichoke m'manja, koma mumalandira zimene munasonkha basi, popanda phindu, ndipo mumalandira tsiku lanu likafika ngakhale vuto lanu litabwera kale.

Gulu losunga ndi kubwereketsa limayenda mwanjira ina. Ndalama zosonkhedwa sizipita kwa munthu mmodzi. Zimakhala za gulu, mamembala amabwereka n'kubweza ndi chiwongoladzanja, ndipo kumapeto kwa chaka zonse zimagawidwa pamodzi ndi phindu. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, pakati pa amayi akumudzi, ndipo inafalikira m'maiko ambiri a mu Afirika. Bungwe la Catholic Relief Services lili ndi njira yake yofanana nayo yotchedwa SILC, imene ambiri mu Zambia anaiphunzira kudzera m'matchalitchi. Mabungwewa amangophunzitsa, saikamo ndalama. Ndalama yonse ya m'gulu imachokera kwa mamembala.

Mmene gulu limayendera

Gulu labwino limakhala ndi anthu apakati pa 15 ndi 25 amene asankhana okha. Likakhala laling'ono kwambiri ndalama yobwereketsa imachepa, ndipo likakula kwambiri anthu sadziwana ndipo msonkhano umatalika. Mamembala amasankha anthu asanu otsogolera: wapampando, mlembi, wosunga bokosi ndi owerenga ndalama awiri. Amasankhanso anthu ena atatu, osakhala a m'komiti, kuti asunge makiyi.

Bokosi ndi lachitsulo ndipo limatsekedwa ndi maloko atatu. Wosunga bokosi alibe kiyi, ndipo aliyense wa atatu aja ali ndi kiyi imodzi yokha. Motero bokosi silingatsegulidwe popanda anthu anayi kukumana, ndipo lamulo ndi lakuti amakumana pa msonkhano wa onse basi. Mabuku amakhalanso m'bokosi momwemo, kuti pasapezeke wolembamo kanthu kunyumba.

Kusunga kumachitika pogula masheya. Gulu limagwirizana mtengo wa sheya imodzi, mwachitsanzo K20, ndipo pa msonkhano uliwonse membala akhoza kugula sheya imodzi mpaka asanu. Sabata imene malonda ayenda bwino mumagula asanu, sabata yovuta mumagula imodzi. Malire a masheya asanu amateteza gulu kuti munthu mmodzi wolemerako asakhale mwini wa bokosi lonse. Sheya iliyonse imadindidwa ndi chidindo m'kabuku ka membalayo, kotero ngakhale wosadziwa kuwerenga akhoza kuwerengera madindo ake.

Palinso thumba lachifundo, limene aliyense amaikamo ndalama yofanana, mwina K5 pa msonkhano. Ndalama imeneyi imasungidwa m'kachikwama kapadera, siibwerekedwa pa malonda, ndipo imaperekedwa ngati thandizo pa maliro, matenda, moto kapena madzi osefukira, malinga ndi zimene gulu linalemba.

Msonkhano ukayamba, wapampando amafunsa kuti: "Amayi ndi abambo, tinatseka ndi zingati sabata yatha?" Anthu amatchula chiwerengerocho bokosi lisanatsegulidwe. Kenako owerenga amathira ndalama m'mbale pakati pa onse n'kuwerenga mokweza. Zikasiyana ndi zimene anthu atchula, msonkhano supitirira mpaka chifukwa chake chitadziwika. Mwambo umenewu umaoneka wotaya nthawi anthu akazolowerana, koma ndi umene umasunga ndalama kuposa maloko.

Chitsanzo chowerengera

Manambala otsatirawa ndi oyerekezera, kuti muone kawerengedwe kake. Tinene kuti ku Chawama kuli gulu la anthu 20, sheya ndi K20, amakumana sabata iliyonse kwa masabata 50, ndipo chiwongoladzanja cha ngongole ndi K10 pa K100 iliyonse pamwezi. M'gulumo muli mayi wogulitsa tomato ndi kapenta pa kantemba, amene amagula masheya atatu pa sabata, ndiye kuti K60.

Pakatha masabata 10, mayiyu wasunga K600. Lamulo la gulu limati munthu sangabwereke kuposa katatu ka zimene wasunga, choncho malire ake ndi K1,800. Iye akubwereka K1,000 kuti akaode katundu wochulukirapo ku msika wa Soweto, ndipo alonjeza kubweza m'miyezi itatu. Mwezi woyamba akubweza K300 ndi chiwongoladzanja cha K100, ngongole n'kutsala K700. Mwezi wachiwiri akubweza K300 ndi K70, n'kutsala K400. Mwezi wachitatu akubweza K400 ndi K40. Chiwongoladzanja chonse chakwana K210. Akanapita kwa wa kaloba wofuna theka pamwamba, K1,000 yomweyo ikanabwezedwa K1,500 mwezi umodzi wokha, mwinanso atasiya wailesi kapena foni ngati chikole. Ndipo K210 ija siinapite kwa munthu wakunja, yalowa m'bokosi limene iyenso ali ndi gawo lake.

Masabata 50 akatha, ngongole zonse zitabwezedwa, gulu likuwerenga. Masheya a onse ndi 3,000, kutanthauza K60,000. M'bokosi muli K75,000, chifukwa chiwongoladzanja ndi zindapusa za ochedwa zabweretsa K15,000. Mlembi akugawa K75,000 ndi 3,000, n'kupeza kuti sheya imene inagulidwa pa K20 tsopano ndi K25. Mayi wa tomato ali ndi masheya 150, amene anamutengera K3,000, ndiye akulandira K3,750. Mnzake amene ankatha kugula sheya imodzi yokha pa sabata ali ndi 50, anasunga K1,000, ndipo akulandira K1,250. Aliyense walandira molingana ndi zimene anaika.

Tsopano yerekezani ndi chitini. Ngati K60 ya sabata iliyonse ikanapulumuka yonse kwa masabata 50, mukanapezeka K3,000, ndipo mphamvu yake yogulira ikanakhala itachepa ndi kukwera kwa mitengo. Koma dzifunseni moona ngati ikanapulumukadi. Kwa mabanja ambiri phindu lalikulu la gulu ndi K3,000 imene yafika kumapeto yathunthu, ndipo K750 ndi yowonjezera chabe. Mlamu uja akabwera, mumatha kumuuza zoona kuti ndalama ili ku gulu ndipo siituluka mpaka tsiku logawana.

Kumbukiraninso kumene K15,000 yachokera. Yachokera m'matumba a mamembala omwewo. Bokosi siliswa ndalama palokha. Phindu lenileni limakhalapo ngati obwereka agwiritsa ntchito ngongole pa malonda amene abweretsa ndalama yoposa chiwongoladzanja. Ngati onse akubwerekera kudya n'kumabweza movutikira, gulu likungosuntha ndalama kuchoka kwa osauka kwambiri kupita kwa amene ali ndi masheya ambiri.

Zimene zimagwetsa magulu

Vuto lalikulu m'makomboni ndi lakuti anthu amasamukasamuka. Kumudzi wobwereka ali ndi munda ndi abale pafupi, koma wa lendi ku George akhoza kulongedza usiku n'kukapezeka ku Chibolya kapena kubwerera kwawo ku Katete. N'chifukwa chake malire a katatu aja sayenera kuphwanyidwa. Tibwerere ku chitsanzo chathu. Ngati membala wa masheya 50 wathawa ndi K3,000, gulu limafafaniza masheya ake, m'bokosi mumatsala K72,000 yogawidwa pa masheya 2,950. Sheya imatsika kufika pafupifupi K24.40, ndipo mayi wa tomato amataya pafupifupi K90. N'zowawa koma gulu siligwa. Koma ngati anam'patsa K10,000 chifukwa chomukhulupirira, m'bokosi mumatsala K65,000, sheya imatsika kufika pafupifupi K22, ndipo mayiyo amataya ndalama yoposa K400. Anthu awiri otere akachita zimenezi, phindu la chaka chonse limatha, ndipo ndalama zimene mamembala anasunga zimayamba kudyeka.

Vuto lachiwiri ndi ngongole yokakamiza. Magulu ena mu Lusaka amalamula kuti aliyense abwereke, afune asafune, kuti ndalama isagone m'bokosi, kapena kuti osabwereka alipirebe chiwongoladzanja. Munthu wopanda malonda akakakamizidwa kutenga K2,000, imathera pa zogula za m'nyumba, ndipo amayamba kubwereka ku gulu lina kuti abweze kuno. Mukaona membala ali m'magulu atatu kapena anayi ndipo amangolipira chiwongoladzanja osachepetsa ngongole, dziwani kuti wayamba kumira. Gulu labwino limatsitsa chiwongoladzanja kapena kuika ndalama yotsala pamalo otetezeka, m'malo mokakamiza anthu.

Lachitatu ndi ndalama yoyenda kunja kwa msonkhano. Wina amapereka masheya ake kwa mlembi panjira, wina amatumiza pa foni ya wapampando, wina amabwerekera mwamuna wake kapena mnzake wosakhala membala. Zikatero palibenso amene akudziwa kuchuluka kwa ndalama ya gulu kupatula munthu mmodzi. Zizindikiro zake n'zosavuta kuona: makiyi awiri apezeka kwa munthu mmodzi, mabuku agona kunyumba kwa mlembi, ndalama siiwerengedwa pamaso pa onse, kapena tsiku logawana likusunthidwa mobwerezabwereza.

Lachinayi ndi bokosi lodzaza. Chapakati pa chaka bokosi limakhala lopepuka chifukwa ndalama ili kwa obwereka, koma m'miyezi iwiri yomaliza gulu limasiya kubwereketsa ndipo zonse zimabwerera. Nthawi imeneyi K75,000 ili m'nyumba ya munthu mmodzi, ndipo ngozi za m'nyumba zija zimabwereranso. Magulu anzeru amaika ndalamayo ku banki pa akaunti yofuna anthu awiri kapena atatu kusaina, kapena pa Airtel Money kapena MTN MoMo pa simu ya gulu, imene imagona m'bokosi ndipo manambala ake achinsinsi agawidwa kwa anthu angapo kuti pasakhale wodziwa onse. Kutapa ndalama pa foni kuli ndi malipiro ake, choncho awerengereni musanagawane. Ndipo za tsiku logawana musalengeze m'minibasi kapena pa mpopi.

Pomaliza, pali ena amene amatenga dzina la vileji banki n'kumalonjeza kuti mukaika K1,000 mudzalandira K2,000 mwezi wamawa, makamaka mukabweretsa anzanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Oyamba amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, ndipo olowa akachepa zonse zimagwa. Banki yaikulu ya dziko, Bank of Zambia, yakhala ikuchenjeza za anthu oterewa, ndipo inanenanso poyera kuti magulu a vileji banki sali pansi pa uyang'aniro wake. Izi zikutanthauza kuti ndalama ya gulu ikatayika palibe ofesi imene idzakubwezereni. Gulu lenileni sililonjeza phindu pasadakhale, sililandira ndalama za anthu akunja, ndipo mamembala onse amadziwana maso ndi maso.

Ndalama yoyenera kukhala kunyumba

Gulu silitenga malo a ndalama yonse. Zimene mwasunga simungazitape usiku mwana akatentha thupi, ndipo ngongole imadikira tsiku la msonkhano. Choncho siyani kunyumba kapena pa foni ndalama yokwanira galimoto yopita ku chipatala, mankhwala ndi chakudya cha masiku angapo. Mpamba wa malonda a mawa usalowenso m'bokosi. Ya lendi ya mwezi uno ipite kwa alandilodi. Imene iyenera kupita ku gulu ndi ija imene mukufuna kuti idzakumane ndi inzake pa chinthu chachikulu, monga malata, mpamba wokulirapo, fetereza wotumiza kumudzi kapena zofunika za kusukulu.

Sankhani mtengo wa sheya poganizira sabata yoipa kwambiri ya membala wosauka kwambiri. Ngati K20 ingalemere ena mu Febuluwale, pamene malonda amazizira, ikani K10. Amene ali nazo adzagula masheya asanu. Ganiziraninso tsiku logawana. Kugawana pakati pa Disembala kumapangitsa kuti ndalama ithere pa Khirisimasi. Kuyambira 2022 sukulu za boma n'zaulere, koma yunifomu, nsapato, mabuku ndi chikwama zimafunikabe sukulu zikamatsegulidwa mu Januwale, kotero mabanja a ana ambiri angapindule kugawana kumayambiriro kwa mwezi umenewo. Otumiza mbewu ndi fetereza kumudzi angakonde Okutobala.

Musanaike ndalama, funsani izi

Pitani ku msonkhano umodzi ngati mlendo, musananyamule ndalama, ndipo mufunse mwaulemu mafunso awa:

1. Kodi malamulo a gulu analembedwa, ndipo aliyense anasaina kapena kudinda chala?
2. Kodi ndalama zimawerengedwa mokweza potsegula ndi potseka msonkhano?
3. Kodi makiyi atatu ali kwa anthu atatu a nyumba zosiyana, osakhala abale a wosunga bokosi?
4. Kodi malire a ngongole ndi ati, ndipo atsogoleri nawonso amawatsata?
5. Kodi munthu amene safuna kubwereka amaloledwa kungosunga?
6. Kodi malamulo amati chiyani membala akasamuka, akadwala nthawi yaitali kapena akamwalira, ndipo kodi dzina la wodzalandira ndalama zake limalembedwa?
7. Kodi chaka chatha anagawana pa tsiku limene anapangana, ndipo sheya inafika pa zingati?

Funso lomalizali mufunse mamembala awiri paokhapaokha. Akatchula chiwerengero chofanana, ndiye kuti ndalama za gululo zimayendadi poyera. Ngati mayankho ena sanakukhutiritseni, sonkhanitsani anzanu a ku tchalitchi, a pa msika kapena a mumsewu wanu amene mumadziwa nyumba zawo ndi malonda awo, pemphani munthu wophunzitsidwa za magulu amenewa kuti akuthandizeni kulemba malamulo, ndipo muyambe chaka choyamba ndi sheya yaing'ono. Mukadzagawana koyamba bwinobwino, pamenepo mudzakhala ndi chifukwa chokwezera mtengo wa sheya chaka chotsatira.